Pa kompyuta tsamba likutseguka, pa foni likukana: vuto la satifiketi yapakati

Pali mkangano wina womwe umabuka kawirikawiri pakati pa makasitomala ndi anthu osamalira masamba a pa intaneti. Kasitomala amaimba foni kudandaula kuti apu ya sitolo ikukana kulumikiza, kapena kuti tsamba likumuchenjeza kuti si lotetezeka. Wosamalira tsamba amatsegula laputopu yake, tsamba n'kubwera bwinobwino, ndipo amayankha kuti vuto ndi netiweki kapena foni ya kasitomalayo. Onse awiri akunena zoona pa zimene akuona ndi maso awo. Koma nthawi zambiri cholakwika chimakhala pa seva, kompyuta yomwe imasunga tsambalo: ikutumiza mapepala ake osakwanira. Laputopu ija imangokwirira cholakwikacho mwakachetechete, pomwe foni imachiulula.

Kuti timvetse chimene chikusowa, tiyambe ndi zimene zimachitika adiresi ya tsamba ikayamba ndi https. Foni isanatumize pasiwedi kapena nambala ya akaunti, imafuna umboni woti ikulankhula ndi mwini weniweni wa tsambalo, osati munthu wina amene wadzilowetsa pakati. Umboniwo ndi satifiketi. Satifiketi ndi kafayilo kakang'ono kamene kamanena dzina la tsamba, kiyi yomwe seva ikugwiritsa ntchito, tsiku loyambira ndi tsiku lothera, komanso dzina la bungwe lomwe lakasaina. Siginecha yake si ya inki. Ndi masamu omwe foni imatha kuwerengera n'kudziwa ngati wosainayo ndi amene akutchulidwadi.

Funso n'lakuti: nanga foni imamudziwa bwanji wosainayo? Foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse imabwera ndi mndandanda wa masatifiketi a mabungwe akuluakulu omwe opanga ake anawafufuza n'kuwavomereza. Awa tiwatche masatifiketi a pamwamba. Alipo oposa 100, ndipo foni imawakhulupirira popanda kufunsanso. Koma mabungwewa sasaina masatifiketi a masamba ndi kiyi yawo ya pamwambayo. Kiyi imeneyo amaisunga m'chipangizo chosalumikizidwa ku intaneti, m'chipinda chotetezedwa, ndipo amaitulutsa mwa apo ndi apo anthu angapo akuchitira umboni. Chifukwa chake n'chomveka. Ikabedwa, pangafunike kusintha mndandanda m'mafoni ndi makompyuta a dziko lonse, ntchito yotenga zaka, ndipo mafoni akale omwe salandiranso zosintha sangakonzeke n'komwe. Choncho kiyi ya pamwamba imasaina masatifiketi ochepa apakati, ndipo apakatiwo ndi amene amagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku yosaina masatifiketi a masamba. Yapakati ikaonongeka, amaithetsa n'kupanga ina, ya pamwamba ili chikhalire.

Ndiye pali unyolo wa mfundo zitatu: satifiketi ya tsamba, yapakati yomwe inaisaina, ndi ya pamwamba yomwe inasaina yapakatiyo. Ganizirani kalaliki wa pa ofesi ina ku boma amene amadziwa chidindo cha mfumu yaikulu yokha. Munthu wabwera ndi kalata ya nyakwawa wake. Kalatayo ndi yeniyeni, koma kalaliki samudziwa nyakwawayo. Pakufunika kalata ya gulupu, yokhala ndi chidindo cha mfumu yaikulu, yotsimikiza kuti nyakwawa ameneyu ndi wake. Kalata ya gulupuyo ikaiwalidwa kunyumba, kalaliki mmodzi angakumbukire kuti kopi yake ili m'kabati chifukwa munthu wina anabwera nayo dzana. Wina angatume mesenjala kukaitenga. Wachitatu angangonena kuti mapepala sanakwane, bwererani. Palibe amene walakwa mwa atatuwa. Udindo wobweretsa kalata zonse unali wa munthu wobwerayo.

Umu ndi momwe malamulo a TLS, ndondomeko yomwe imateteza https, amagawira ntchito. Seva iyenera kutumiza satifiketi yake pamodzi ndi zapakati zonse zofunika kuti unyolo ufike pamwamba. Ya pamwamba yokha ndi yomwe ingasiyidwe, popeza foni ili nayo kale, ndipo kuitumiza sikuwonjezera chikhulupiriro chilichonse.

Chifukwa chake kompyuta imabisa vutoli

Mabulawuza a pa kompyuta anaphunzira kalekale kuti maseva ambiri amakonzedwa mosasamala, ndipo anapeza njira zodzazira mpatawo. Njira yoyamba ndi kukumbukira. Bulawuza ikakumana ndi satifiketi yapakati pa tsamba lina lokonzedwa bwino, imatha kuisunga n'kudzaigwiritsanso ntchito mtsogolo. Mabungwe osaina ndi ochepa poyerekeza ndi masamba, kotero munthu amene amakhala pa intaneti tsiku lonse amakhala atatolera kale zapakati zotchuka osadziwa n'komwe. Wosamalira tsamba ndi munthu wotereyu ndendende, n'chifukwa chake kompyuta yake ndi malo osayenera kuyeserapo.

Njira yachiwiri ndi kukatenga. M'kati mwa satifiketi ya tsamba mumakhala kagawo kotchedwa Authority Information Access, mwachidule AIA, komwe kamapereka adiresi yomwe satifiketi ya wosainayo ingapezeke. Windows ndi makompyuta a Apple amatsatira adiresiyo, amakoka satifiketi yosowayo, n'kumaliza unyolo. Mafoni a iPhone nawonso amachita chimodzimodzi, ndiye musadabwe bwana wa kampani akamanena kuti pa foni yake zikuyenda. Firefox inasankha njira ina. Opanga ake sanafune kuti bulawuza izipita kukafunsa kwa bungwe losaina, chifukwa kutero kumaulula kwa bungwelo kuti munthu akutsegula masamba ake. M'malo mwake, kuyambira mu 2020, Firefox ya pa kompyuta imakoka pasadakhale mndandanda wa zapakati zodziwika n'kuzisunga.

Pa Android nkhani ndi yosiyana, ndipo apa pakufunika kulongosola mosamala chifukwa ambiri amanena mongophatikiza kuti "mafoni amakana". Kwa zaka zambiri Chrome ya pa Android sinkakatenga satifiketi yosowa, ndipo chenjezo linkabwera nthawi yomweyo. Mu 2017 inayamba kutsatira AIA, kotero pa foni yokhala ndi Chrome yatsopano tsamba lingatseguke, ngakhale mochedwerapo pang'ono chifukwa cha ulendo wowonjezerawo. Omwe anatsala ndi maapu. Apu ya sitolo, ya sukulu kapena ya bungwe la ngongole ikamalankhula ndi seva yake, imagwiritsa ntchito zida za Android zotsimikizira masatifiketi, ndipo zidazo zimangoona zomwe seva yatumiza. Unyolo ukaduka, kulumikiza kumathera pomwepo. Mabulawuza akale a pa mafoni omwe sanasinthidwe nawonso amakana. Kuno kwathu, komwe anthu ambiri amalowa pa intaneti kudzera pa foni ya Android, ndipo foniyo nthawi zambiri imakhala yoti yadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, amene akukanidwa ndi makasitomala enieniwo. Amene zikuwayendera ndi anthu ochepa a mu ofesi.

Palinso okanidwa ena omwe saimba foni kudandaula: makompyuta a makampani ena. Kampani yolandira malipiro ikafuna kudziwitsa seva ya sitolo kuti kasitomala walipira, pulogalamu yake imalumikiza ku sevayo monga momwe apu imachitira. Mapulogalamu ambiri otere sakatenga satifiketi yosowa. Zotsatira zake, ndalama zachoka kwa kasitomala koma sitolo ikuonetsabe kuti sanalipire, ndipo palibe amene waona chenjezo lililonse pa sikirini.

Tiyeni titsatire vuto limodzi mpaka kumapeto

Tiyerekeze sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza yomwe ili ndi tsamba komanso apu ya Android yoodera katundu. Dzina la tsambalo tiliyerekeze kuti ndi example.com. Seva yake ikuyenda ndi pulogalamu ya Nginx, ndipo satifiketi anaitenga kwaulere ku Let's Encrypt kudzera pa chida chotchedwa Certbot. Lachisanu wosamalira anasamutsira tsambalo pa seva yatsopano, anayesa pa laputopu, zonse zili bwino. Lolemba m'mawa madandaulo ayamba: apu ikungozungulira kenako n'kunena kuti yalephera kulumikiza. Wopanga apu akayang'ana mu zolemba za zolakwika, akupeza mzere uwu:

```
java.security.cert.CertPathValidatorException:
Trust anchor for certification path not found.
```

Tanthauzo lake n'lakuti foni yatsatira unyolo koma sinafike pa satifiketi iliyonse ya pamwamba yomwe imaikhulupirira. Pa bulawuza ya Chrome vuto lomweli limaoneka ndi mawu oti `NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID`, ndipo pa Firefox ndi `SEC_ERROR_UNKNOWN_ISSUER`. Mauthengawa sanena mwachindunji kuti yapakati ndi yomwe ikusowa. Ena mwa iwo amabweranso satifiketi ikakhala yodzisainira yokha. Choncho pafunika kuona ndi maso zimene seva ikutumiza.

Apa pali msampha. Munthu akatsegula zambiri za satifiketi pa bulawuza ya kompyuta, amaona unyolo wathunthu wa mfundo zitatu, n'kukhutira. Koma chimene bulawuza ikuonetsa ndi unyolo womwe yadzimangira yokha, osati womwe seva yatumiza. Chida choyenera ndi chomwe sichithandiza seva kubisa kanthu:

```
openssl s_client -connect example.com:443 \
  -servername example.com -showcerts
```

Lamuloli limatulutsa mizere yambiri, koma yofunika ndi yomwe ili pansi pa mutu woti `Certificate chain`. Pa seva ya sitolo yathu pakuoneka izi:

```
Certificate chain
 0 s:CN = example.com
   i:C = US, O = Let's Encrypt, CN = R11
```

Chilembo `s` chikuimira mwini satifiketi, ndipo `i` chikuimira amene anaisaina. Satifiketi nambala 0 ndi ya tsamba, ndipo yasainidwa ndi yapakati yotchedwa R11. Pansi pake panayenera kubwera nambala 1, yomwe mwini wake ndi R11 yemweyo. Palibe. Kumapeto kwenikweni kwa zotulukazo kuli chigamulo:

```
Verify return code: 21 (unable to verify the first certificate)
```

Ndimakonda kuwerenga masatifiketi omwe atumizidwa kusiyana n'kungodalira mzere womalizawu, chifukwa kompyuta yoyeserayo ikakhala kuti ilibe mndandanda wabwino wa masatifiketi a pamwamba, imatha kudandaula ngakhale seva ili bwino. Kuwerenga sikunama: wosaina wa nambala 0 ayenera kukhala mwini wa nambala 1, wosaina wa nambala 1 akhale mwini wa nambala 2 ngati ilipo, mpaka wosaina womaliza akhale bungwe la pamwamba.

Amene sazolowera kulemba malamulo angagwiritse ntchito tsamba la SSL Labs la kampani ya Qualys, lomwe limayesa seva kwaulere munthu akangolemba dzina la tsamba. Unyolo ukaduka limalemba `Chain issues: Incomplete`, limasonyeza satifiketi yomwe lachita kukatenga lokha ndi mawu oti `Extra download`, ndipo giredi siipitirira B. Mwini sitolo amene sadziwa za maseva angathe kuchita zimenezi yekha n'kutumiza zotsatirazo kwa wosamalira tsamba, mkangano woti vuto ndi netiweki n'kutha.

Tsopano cholakwikacho chinalowa pati? Certbot ikatenga satifiketi, imaika mafayilo anayi mu foda ya tsambalo. `privkey.pem` ndi kiyi yachinsinsi. `cert.pem` ndi satifiketi ya tsamba yokha. `chain.pem` ndi yapakati yokha. `fullchain.pem` ndi ziwirizi zitaphatikizidwa, ya tsamba poyamba, yapakati pambuyo. Wosamalira uja, polemba zokonzera za seva yatsopano ndi manja, anaona fayilo yotchedwa `cert.pem` n'kuganiza kuti ndi imeneyo, poti dzina lake likumveka ngati satifiketi. Nginx sinadandaule, chifukwa fayiloyo ndi satifiketi yeniyeni ndipo ikugwirizana ndi kiyi. Kungoti Nginx ilibe malo apadera olembapo yapakati yoti izitumizidwa; imatumiza chilichonse chomwe chili mu fayilo imodziyo. Kukonza kwake ndi kusintha dzina la fayilo pa mzere woyamba:

```
ssl_certificate     /etc/letsencrypt/live/example.com/fullchain.pem;
ssl_certificate_key /etc/letsencrypt/live/example.com/privkey.pem;
```

Kenako ayese ngati zokonzerazo zalembedwa bwino, n'kuuza Nginx kuti iziwerengenso. Akaiwala sitepe yachiwiriyi, seva ipitiriza kutumiza zakale zomwe inawerenga poyamba.

```
nginx -t
systemctl reload nginx
```

Akabwereza lamulo la `openssl` lija, pansi pa nambala 0 pabwera mizere iwiri yatsopano, ndipo chigamulo chasintha:

```
 1 s:C = US, O = Let's Encrypt, CN = R11
   i:C = US, O = Internet Security Research Group, CN = ISRG Root X1

Verify return code: 0 (ok)
```

ISRG Root X1 ndi satifiketi ya pamwamba ya Let's Encrypt, yomwe ili kale mu mndandanda wa mafoni. Apu ikuyamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, popanda kasitomala kusintha kalikonse pa foni yake.

Amene amagula satifiketi kwa mabungwe olipiritsa amagwa m'vuto lomweli mwa njira ina. Bungwe limatumiza mafayilo awiri, wina wa tsamba ndi wina wa zapakati, womwe nthawi zambiri dzina lake limathera ndi `ca-bundle`. Munthu amaika woyambawo n'kusiya wachiwiri poganiza kuti ndi wongowonjezera. Ayenera kuwaphatikiza:

```
cat example_com.crt example_com.ca-bundle > fullchain.crt
```

Dongosolo lake n'lofunika. Ya tsamba ikhale poyamba. Zikatembenuzidwa, Nginx imakana kuyamba ndi uthenga woti `key values mismatch`, chifukwa imayerekeza kiyi yachinsinsi ndi satifiketi yoyamba mu fayilo. Ndi bwinonso kutsegula fayiloyo n'kuona kuti mzere wa `END CERTIFICATE` ndi wa `BEGIN CERTIFICATE` wotsatira sanamatane pa mzere umodzi, zomwe zimachitika fayilo yoyamba ikakhala yosathera ndi mzere watsopano. Pa seva ya Apache, kuyambira mtundu wa 2.4.8, fayilo yophatikizayi imalembedwa pa `SSLCertificateFile`. Mitundu yakale inkafuna kuti yapakati ilembedwe payokha pa `SSLCertificateChainFile`.

Vuto likabweranso patapita miyezi

Pali mtundu wina wa vutoli womwe umazunguza mutu kwambiri, chifukwa seva imatumiza masatifiketi awiri ndipo poyang'ana mwachangu zimaoneka ngati zonse zilipo. Zimachitika wosamalira akakopera yapakati kamodzi ndi manja n'kuisiya pamalo, pomwe satifiketi ya tsamba imasinthidwa yokha nthawi ndi nthawi. Kwa zaka zingapo masamba ambiri a Let's Encrypt ankasainidwa ndi yapakati imodzi yotchedwa R3, ndiye ulesi woterewu sunkaonekera. Mu Juni 2024 bungweli linayamba kugwiritsa ntchito zapakati zatsopano, kuphatikizapo R10 ndi R11, ndipo linkasankha mwachisawawa kuti iti isaine satifiketi iti. Linachita dala, kuti anthu asiye kudalira yapakati imodzi. Satifiketi zake zakhala zikukhala masiku 90 ndipo nthawi zambiri zimakonzedwanso pakatha masiku 60. Choncho seva ingayende bwino miyezi iwiri, usiku wina n'kulandira satifiketi yosainidwa ndi R10 pomwe mu fayilo mukadali R11 yakale, ndipo m'mawa maapu onse akukana, palibe munthu wakhudza chilichonse. Lamulo lowerenga lija limagwira vutoli mosavuta: wosaina wa nambala 0 sakufanana ndi mwini wa nambala 1. Mankhwala ake ndi kuloza seva ku `fullchain.pem` yomwe Certbot imalemba yokha, osati ku kopi yopangidwa ndi manja. Mayina a zapakati amasinthabe, kotero amene angayese lero angaone dzina lina osati R11; chofunika ndi kugwirizana kwa mayinawo.

Komanso kukonza pamalo amodzi sikutanthauza kuti paliponse pakonzeka. Apu nthawi zambiri silankhula ndi tsamba lomwe anthu amaona, koma ndi dzina lina monga api.example.com, lomwe lingakhale pa seva ina kapena ndi zokonzera zakezake. Seva ya imelo nayo imatumiza satifiketi yake pa madoko ena, monga 993 ndi 465. Dzina lililonse ndi doko lililonse liyesedwe palokha, posintha zimene zalembedwa pambuyo pa `-connect` ndi `-servername`.

Si chenjezo lililonse la pa foni lomwe limachokera ku unyolo woduka, ndipo kusiyanitsa n'kosavuta. Ngati foni ikukana pafupifupi masamba onse ndipo uthenga ndi `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`, yang'anani tsiku ndi nthawi pa foniyo. Foni yomwe batire yake inatheratu imatha kubwerera ku chaka chakale, n'kumaona satifiketi iliyonse ngati nthawi yake sinakwane. Ngati unyolo ndi wathunthu koma mafoni akale kwambiri okha ndi omwe akukana, ndiye kuti mafoniwo alibe satifiketi ya pamwamba. ISRG Root X1 inalowa mu Android kuyambira mtundu wa 7.1.1, ndipo mafoni a mitundu ya m'mbuyo saidziwa. Pamenepo kuwonjezera yapakati sikuthandiza. Munthu angatsegule tsambalo ndi Firefox, yomwe imabwera ndi mndandanda wakewake, ngati foniyo ikutha kuilandira. Chizindikiro cha unyolo woduka ndi chakuti tsamba limodzi kapena apu imodzi ikukana pa mafoni ambiri, atsopano ndi akale omwe, pa netiweki iliyonse, pomwe masamba ena akutseguka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi njira zachidule zomwe anthu amatenga vutoli likawapanikiza. Ogwira ntchito pa sitolo amauza makasitomala kuti angodina popitirira, chenjezolo lilibe kanthu. Kasitomala amene wazolowera zimenezo adzadinanso tsiku lomwe chenjezo lidzakhale loona, ali pa wayifayi ya pamalo ogona alendo, wakuba ali pakati pa iye ndi banki yake. Wopanga apu naye, pofuna kuti madandaulo athe, amalemba kodi yoti apu izivomereza satifiketi iliyonse. Apu imayambadi kugwira ntchito, koma kuyambira pamenepo aliyense wokhala pa netiweki imodzi ndi kasitomala angadzipangire satifiketi yabodza, n'kuwerenga mapasiwedi ndi manambala a akaunti, foni osadandaula ngakhale pang'ono. Kodi yotereyi ikalowa mu apu imakhalitsa, chifukwa ili m'mafoni a anthu omwe sasintha maapu awo kawirikawiri poopa kutha kwa bandulo. Wopanga apu amene akufuna kutsimikiza kuti apu yake sikuvomereza zilizonse angailozetse ku incomplete-chain.badssl.com, tsamba lomwe linakonzedwa dala ndi unyolo woduka, kapena ku self-signed.badssl.com, lomwe satifiketi yake ndi yodzisainira yokha. Apu ikalumikiza ku lachiwirili popanda kukana, ndiye kuti kutsimikiza masatifiketi kunazimitsidwa penapake mu kodi, ndipo kuyenera kubwezeretsedwa mtundu wotsatira wa apuyo usanatuluke.